Kalata ya tsamba limodzi yofunsira ukalaliki wa katundu: momwe tinaikonzera ndime ndi ndime

Ndinagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yoona za antchito pa bungwe lina. Nditapuma ndinabwerera kwathu ku Dedza, ndipo masiku ano ndimathandiza achinyamata kukonza makalata ofunsira ntchito m'kachipinda kena pa boma. Nkhani yomwe ndikulemba pano ndi ya kalata imodzi yomwe tinakonza mu Juni 2024. Ndaisankha chifukwa mwini wake anali ndi zonse zomwe olemba ntchito ankafuna, koma kalata yomwe anabwera nayo inazibisa zonsezo.

Mwini kalatayo ndi mtsikana wa zaka 26 wa mbali ya ku Bembeke. Anafika m'mawa kukuzizira monga kumachitira kuno mwezi umenewo, atanyamula chikwama cha pulasitiki chokhala ndi masatifiketi, CV, kalata yotayipa kale ndi chilengezo cha ntchito chomwe anachijambula pa foni. Bungwe lina logwira ntchito ndi alimi linkafuna kalaliki wa katundu pa depoti yake ya ku Lobi. Chilengezocho chinatchula zinthu zisanu: MSCE, satifiketi ya zosunga katundu kapena zowerengera ndalama, zaka ziwiri akugwira ntchito yofanana ndi imeneyi, kudziwa Excel, ndi kulolera kukakhala ku Lobi komweko. Masiku otsala kuti atseke kulandira makalata anali anayi.

"Abambo, ndalembera malo asanu ndi limodzi chaka chino, palibe ndi amodzi omwe andiitana. Mwina Chingerezi changa ndi chomwe chikundigwetsa," anatero.

Nditawerenga ndinapeza kuti Chingerezi chake chinalibe vuto lalikulu. Zolakwika za galamala zinali zitatu basi. Vuto linali pa kaikidwe ka zinthu. Kalatayo, monga makalata onse ofunsira ntchito za mu ofesi kuno kwathu, inali m'Chingerezi, ndipo yomwe tinakonza inalinso m'Chingerezi, koma pano ndipereka mawu ake m'Chichewa.

Kalata yomwe anabwera nayo

Inali tsamba limodzi ndi theka. Ndime yoyamba, ya mizere isanu ndi iwiri, inayamba ndi kudzichepetsa ndi kupempha mwaulemu waukulu kuti amuganizire pa ntchito "yomwe yatchulidwa pamwambapa". Kenako inati iye ndi Mmalawi wa zaka 26, wosakwatiwa, woopa Mulungu, wolimbikira ntchito, wokhulupirika ndi wodziwa kukhala bwino ndi anzake. Ndime yachiwiri inalondola sukulu zake kuyambira ku pulaimale. Yachitatu inafotokoza za imfa ya bambo ake ndi azing'ono ake awiri omwe akuwalipirira fizi. Ntchito yomwe anagwirapo inaonekera koyamba m'munsi mwenimweni mwa tsamba loyamba, ndipo inali chiganizo chimodzi: "Ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki pa kopaletivu ina kwa nyengo zitatu." Tsamba lachiwiri linali lopempha chifundo ndi kulonjeza kuti sadzawakhumudwitsa.

Sindinamudzudzule. Umu ndi momwe ambiri tinaphunzirira kupempha chinthu kwa wamkulu: umayamba ndi malonje, kudzidziwitsa, kufotokoza mavuto ako, kenako n'kufika pa chomwe wabwerera. Kwa amfumu kapena kwa atsibweni njira imeneyi ndi yoyenera, chifukwa iwo akhala pansi kuti akumvere mpaka utsirize. Bwana wolemba anthu ntchito sali choncho.

Ndinamufotokozera zomwe ndinkaziona ndekha. Tikalengeza mpata umodzi wa ukalaliki, makalata ankadzaza katoni, nthawi zina kupitirira 200, ndipo tinkakhala anthu awiri okha powasankha masana amodzi, mafoni akulira ndiponso anthu akugogoda pa chitseko. Pambali tinkakhala ndi pepala lokhala ndi mizere, mzere uliwonse ukuimira chimodzi mwa zomwe chilengezo chinatchula. Ntchito yathu poyamba sinali kuwerenga kalata yonse ayi, koma kufunafuna pomwe tichonge. Diso linkagwa pa mutu, kenako pa mizere itatu yoyamba, kenako n'kutsetserekera pakati kufuna manambala, zaka ndi mayina a malo antchito. Tikapanda kupeza chochonga, kalatayo inkapita pa mulu wa kumanzere, ndipo mulu umenewo sitinkaubwereranso. Tsamba lachiwiri ndinkaliwerenga pokhapokha loyamba litandipatsa chifukwa.

Mu kalata yake, munthu wokhala ndi pepala lochongera akanapeza MSCE yokha asanatope. Zina zinayi akanazisowa kapena akanakayika nazo.

Malo omwe alipo pa tsamba

Tisanalembe chilichonse ndinamuonetsa kukula kwa munda womwe tikulima. Pepala la A4 ndi lotalika masentimita 29.7. Mukasiya mpata wa masentimita 2.5 pamwamba ndi pansi, n'kutayipa ndi zilembo za Times New Roman pa saizi 12 popanda kutalikitsa mizere, mumakwana mizere pafupifupi 50. Koma mizere yonseyo si yanu. Keyala yanu, deti, keyala ya bungwe, moni, mutu wa kalata, mawu otsanzikira, malo osainira ndi dzina, pamodzi ndi mipata ya pakati pake, zimadya mizere 22 kapena 23. Yotsala ndi pafupifupi 27, ndipo itatu mwa iyo ndi mipata yolekanitsa ndime. Choncho nkhani yonse iyenera kukwana m'mizere 24, yomwe m'Chingerezi ndi mawu pafupifupi 300.

Tinaigawa motere: mizere inayi ya ndime yotsegulira, 16 ya umboni yogawidwa ndime ziwiri, ndi inayi ya ndime yotsekera. Pa zigawo zitatu za malowo, ziwiri zipite ku umboni. Ena akaona kuti sizikukwana amachepetsa zilembo kufika pa saizi 9 n'kufinya mipata ya m'mbali. Ine sindilola zimenezo. Tsamba lothithikana limatopetsa maso munthu asanawerenge ndi liwu limodzi, ndipo likajambulidwa pa fotokope kuti onse a pa gulu lofunsa mafunso alandire lawo, tizilembo timeneto timafufutika.

Tinayamba ndi pakati

Ndime yotsegulira sindiyamba nayo, chifukwa imayenera kunyamula mfundo yamphamvu kwambiri mwa zonse, ndipo mfundo imeneyo simungaidziwe musanafukule umboni. Choncho tinatenga pepala n'kuligawa pawiri. Kumanzere tinalemba zinthu zisanu za m'chilengezo. Kumanja, moyang'anizana ndi chilichonse, ndinamuuza kuti alembe chinthu chomwe anachita, komwe anachitira, liti, ndi munthu yemwe angavomere ataimbiridwa foni.

MSCE ya 2017 ndi satifiketi ya zowerengera ndalama sizinavute. Pa zaka ziwiri ndi pomwe anaima.

"Apa ndiye palibe, abambo. Pa kopaletivu tinkagwira nthawi yogula soya yokha, Epulo mpaka Sepitembala. Ndinagwira 2021, 2022 ndi 2023. Mnzanga wina anandiuza kuti ndingolemba zaka zitatu."

Ndinamuuza kuti zimenezo ayi. Nyengo zitatu za miyezi isanu ndi umodzi ndi miyezi 18, ndipo aliyense wodziwa za ulimi amadziwa kuti kopaletivu sigula soya chaka chonse. Akalemba zaka zitatu, funso loyamba pa intavyu lidzakhala lakuti ankachita chiyani mu Januwale, ndipo bodza limodzi likagwidwa, zoona zonse za m'kalatamo zimayamba kukayikitsa. Koma mawu ake akale akuti "nyengo zitatu" analinso ndi vuto lawo: ankasiyira wowerenga ntchito yowerengera yekha, ndipo munthu wofulumira akakayika amangodumpha.

Ndinamufunsa chomwe ankachita soya akatha.

"Chaka chathachi ndinali pa ganyu chabe, pa sitolo ya mbewu ndi feteleza."

"Ganyu wotani, achemwali? Munkasenza matumba?"

"Ayi. Ndinkalandira katundu akabwera pa lole, kumuwerenga, kulemba m'buku, ndiye madzulo kuwerengera zomwe zagulitsidwa ndi zotsala. Bwana ankafuna ndizimutumizira pa Excel Loweruka lililonse."

Anagwira pamenepo kuyambira Okutobala 2023 mpaka Epulo 2024, miyezi isanu ndi iwiri. Sanailembe ntchitoyi m'kalata ngakhale mu CV, chifukwa sanapatsidwe kalata yomulemba ntchito ndipo ankalandira malipiro pamanja. Komatu imeneyo ndi ntchito ya kalaliki wa katundu yeniyeni. Miyezi 18 kuphatikiza 7 ndi 25, kupitirira zaka ziwiri ndi mwezi umodzi, ndipo nkhani ya Excel inapezanso umboni wake pomwepo. Izi ndimakumana nazo kawirikawiri kuno: achinyamata amataya ntchito zomwe anagwira pa msika wa mbatatesi, pa chigayo kapena pa sitolo ya achibale poganiza kuti ntchito ndi yokhayo ya mu ofesi. Muyeso wanga ndi umodzi: kodi alipo munthu wamkulu, wokhala ndi foni, yemwe anganene kuti inde, mwanayu anagwira zimenezi kwa ine? Mwini sitoloyo tinamuimbira nthawi yomweyo ndipo anavomera kukhala mboni.

Ndime yoyamba ya umboni inali itapezeka, koma inali youma, miyezi ndi malo basi. Zimenezo zimachongetsa pa pepala, koma sizimusiyanitsa ndi anthu ena makumi awiri omwe nawonso ali ndi zaka ziwiri. Pankafunika chochitika chimodzi choonetsa momwe amagwirira ntchito zinthu zikasokonekera. Ndikafunsa kuti "munachita chiyani chopambana" ambiri amangoti palibe. Choncho ndimafunsa mwina: ndi tsiku liti lomwe munavutika kwambiri pa ntchito?

Anakhala chete pang'ono, kenako anafotokoza. Mu Julayi 2022, powerenga katundu kumapeto kwa mwezi, leja, buku lalikulu lolembamo katundu wolowa ndi wotuluka, inaonetsa matumba 14 a makilogalamu 50 kuposa omwe anali pa mulu. Ndi makilogalamu 700 a soya, ndipo a komiti anayamba kuloza zala mlonda. Iye anapempha masiku awiri. Anatenga mabuku a malisiti n'kuyamba kufananiza lisiti lililonse ndi mzere wake mu leja. Anapeza kuti tsiku lina la msika, anthu atachuluka pa sikelo, ankagwiritsa ntchito mabuku awiri a malisiti nthawi imodzi, ndipo malisiti ena a masana amenewo analowetsedwa mu leja kawiri. Palibe thumba lomwe linabedwa. Zitatero anapempha kuti mulu uliwonse uzikhala ndi khadi lake, lomwe a zosunga katundu amalitcha binikhadi, lolembapo thumba lililonse lolowa ndi lotuluka, ndi kuti madzulo aliwonse makhadiwo azifananizidwa ndi leja asanatseke. Nyengo yonse ya 2023 leja ndi mulu zinkagwirizana pa kuwerenga kwa mwezi uliwonse.

Nkhani imeneyi anaifotokoza ngati chinthu chochititsa manyazi, chifukwa kulakwitsako kunachitika pa tebulo lomwe iyenso ankakhalapo. Ine ndinaona kuti ndi mtima wa kalata yonse. Chomwe bwana wa depoti amaopa usiku ndi matumba osowa, ndipo apa panali munthu yemwe anakumana nalo vutolo, n'kupeza gwero lake, n'kutseka mpata. Mawu akuti "ndine wokhulupirika" aliyense amalemba, ndipo palibe angawatsimikize. Matumba 14 ali ndi mwezi wake, chaka chake ndi wapampando wa komiti yemwe akukumbukira.

Pano ndiyenera kutchula cholakwa chomwe ndinatsala pang'ono kuchilola. Nditamufunsa kuti matumba ankadutsa m'manja mwake angati pa nyengo imodzi, anati "ngati 3,000", ndipo ndinalemba choncho. Titatsala pang'ono kusindikiza ndinakumbukira lamulo langa lomwe, n'kumuuza kuti aimbire wapampando. Bamboyo anatsegula buku n'kunena kuti nyengo ya 2023 anagula matumba 2,640. Tikanasiya 3,000, ndipo olemba ntchito n'kuimbira mboni yomweyo, nambala yathu ikanasiyana ndi ya mboni ndi matumba 360, mu kalata ya munthu yemwe akuti amadziwa kuwerenga matumba. Tinalemba 2,640. Nambala yosakwana bwinobwino ngati imeneyi imaonetsanso kuti yachokera m'buku.

Ndime ziwiri za umboni zinatuluka motere:

"Ndagwira ntchito yolandira, kulemba ndi kutulutsa katundu kwa miyezi 25. Kwa nyengo zitatu zogula soya (Epulo mpaka Sepitembala, 2021 mpaka 2023) ndinali kalaliki pa depoti ya kopaletivu ya alimi kuno ku Dedza, komwe mu 2023 ndinalemba matumba 2,640 a makilogalamu 50. Kuyambira Okutobala 2023 mpaka Epulo 2024 ndinkasunga mabuku a katundu pa sitolo ya mbewu ndi feteleza, ndipo sabata iliyonse ndinkakonza lipoti la katundu wotsala pa Excel.

"Mu Julayi 2022 leja ya depoti inasiyana ndi mulu ndi matumba 14. Ndinafananiza malisiti onse a mweziwo ndi leja, ndipo m'masiku awiri ndinapeza kuti malisiti ena analowetsedwa kawiri. Ndinayambitsa khadi pa mulu uliwonse ndi kufananiza mabuku tsiku ndi tsiku. M'nyengo yonse ya 2023 leja ndi mulu sizinasiyanenso. Wapampando wa kopaletivuyo, yemwe ndi mboni yanga yoyamba mu CV, angatsimikize zimenezi."

Taonani kuti ndime iliyonse ili ndi ntchito imodzi, ndipo chiganizo chake choyamba chikunena ntchitoyo. Yoyamba ikuyankha funso lakuti wagwira nthawi yaitali bwanji ndipo kuti. Yachiwiri ikuyankha lakuti amagwira motani. Munthu wowerenga ziganizo zoyamba zokha amva kale miyezi 25 ndi matumba 14. Nambala ya miyezi tinaiika patsogolo, ndi kuwerengera kwake pambuyo, kuti wofulumira achonge ndipo wokayika aone momwe tafikira pa 25. Sitinabise kuti inali ntchito ya nyengo.

Iye ankafuna kuwonjezera kuti anali mlembi wa gulu la achinyamata ku tchalitchi ndi kuti anaphunzira kuyendetsa njinga yamoto. Zonsezo ndi zabwino ndipo zinalowa mu CV. M'kalata sizinalowe, chifukwa chilengezo sichinazifunse, ndipo mzere uliwonse woperekedwa kwa izo ukanachotsedwa ku nkhani ya matumba.

Ndime yotsegulira

Titatha zimenezi, ndime yotsegulira inatitengera mphindi khumi zokha. Ili ndi ntchito ziwiri: kunena mpata womwe mukufunsira ndi komwe munauona, ndi kupereka chifukwa chimodzi chowerengera zotsatirazo. Bungwe limatha kulengeza mipata inayi tsiku limodzi, ndipo wotsegula maenvulopu amayamba ndi kugawa makalata potengera mipatayo. Choncho dzina la ntchito liyenera kulembedwa ndendende monga liliri m'chilengezo, pa mutu woyamba ndi RE: komanso mu chiganizo choyamba, ndi nambala ya chilengezo ngati ilipo.

"Ndikufunsira ntchito ya kalaliki wa katundu pa depoti yanu ya ku Lobi, yomwe munalengeza sabata yatha. Ndili ndi MSCE ndi satifiketi ya zowerengera ndalama, ndipo ndasunga mabuku a katundu wa zaulimi kwa miyezi 25 m'boma lino la Dedza."

M'ziganizo ziwiri zimenezi wochonga wapeza zitatu mwa zisanu asanafike pakati. Masatifiketi tinawaika pano osati mu umboni, popeza safuna kufotokozedwa: alipo kapena palibe, ndipo mafotokope ake ali kumbuyo.

Mtsikanayo sanakondwe nayo ndimeyi poyamba.

"Koma abambo, sizikumveka ngati mwano? Ndangolowa osaodira."

Funso limeneli ndi lenileni ndipo sindilipeputsa. Ndinamuuza kuti ulemu m'kalata yotere uli ndi malo ake: moni wolondola pamwamba, udindo wa wolandira kalata wolembedwa monga chilengezo chanenera, kuthokoza kamodzi kumapeto, ndi pepala loyera lopanda zofufutafufuta. Kuposa pamenepo, ulemu womwe munthu wokhala ndi katoni ya makalata amaumva ndi wakuti simunamutayitse nthawi. Zaka, banja ndi chipembedzo tinazichotsa. Zaka zili kale mu CV, ndipo zinazo sizikhudza kuwerenga matumba.

Ndime ya imfa ya bambo ake ndi yomwe inandivuta kuichotsa, chifukwa ndi yoona ndipo ndi chifukwa chenicheni chomwe akufunira ntchito. Koma ndinakhalapo mbali inayo ya tebulo. Makalata ambiri m'katoni muja amakhala ndi chisoni chofanana ndi chimenechi, ndipo wosankha sangachonge chisoni. Iye amakafotokoza kwa akuluakulu ake chifukwa chomwe waitanira anthu asanu awa osati ena, ndipo yankho lake liyenera kuchokera m'chilengezo. Ndinamuuza zimenezi mosabisa. Anapukuta maso n'kunena kuti, "Chotsani, abambo."

Ndime yotsekera

Kutseka kwa kalata yake yakale kunali kupempha kwa theka la tsamba. Ndime yotsekera imangofunika kuyankha zomwe bwana angadzifunse atakhutira ndi umboni: munthuyu angabwere, angayambe liti, ndimupeza bwanji? Chinthu chachisanu cha m'chilengezo, kukakhala ku Lobi, malo ake anali pano. Mabungwe ogwira ntchito kumidzi amavutika ndi anthu omwe amavomera ntchito n'kuthawa patatha miyezi itatu chifukwa cha fumbi, matope a nthawi ya dzinja ndi kutalikira tauni. Choncho kungoti "ndingagwire kulikonse" sikokwanira. Iye anakulira kumudzi, ndipo nyengo zitatu zija ankagona pafupi ndi depoti. Tinalemba zimenezo.

"Ndine wokonzeka kukakhala ku Lobi; nyengo zonse zitatu za pa kopaletivu ndinkakhala kumudzi komwe kunali depoti. Ndingayambe ntchito nthawi iliyonse kuyambira pa 1 Julayi. Ndaphatikiza CV ndi mafotokope a masatifiketi anga, ndipo ndingakondwe kudzafotokoza zambiri pamaso panu. Zikomo chifukwa cha nthawi yanu."

Nambala ya foni tinaiika pamwamba, pansi pa keyala yake, ndiponso pansi pa dzina. Ndinamufunsa ngati foniyo imakhala yoyaka nthawi zonse. Anati kwawo netiweki imavuta ndipo amatchajitsa pa msika. Tinawonjezera nambala yachiwiri ya mchimwene wake wokhala pa boma, atavomera. Ndikukumbuka anthu omwe tinawasankha n'kuwaimbira kawiri osawapeza, ndipo tinaitana wotsatira pa mndandanda. Popeza moni unali Dear Sir/Madam, mawu otsanzikira anali Yours faithfully. Akanakhala kuti walembera munthu pomutchula dzina, akanatseka ndi Yours sincerely.

Kuiyesa isanapite

Kalata yonse inakwana mizere 48. Tisanaitumize tinaiyesa monga ndimachitira ndi makalata onse. Ndinaipereka kwa mayi wina wogulitsa mabuku ndi zolembera pafupi ndi chipinda changa, yemwe sanamve zomwe tinkakambirana. Ndinamupatsa theka la mphindi, n'kumulanda pepalalo, n'kumufunsa mafunso atatu: akufuna ntchito yanji, wagwirapo nthawi yaitali bwanji, ndipo mwakumbukira chiyani? Anayankha kuti ukalaliki ku Lobi, miyezi 25, ndi "zija za matumba 14". Kenako ndinamupatsa kalata yakale kwa nthawi yomweyo. Anati, "Ndi mwana wamasiye, woopa Mulungu." Za kopaletivu sanazione n'komwe.

Wowerenga wotere akalephera funso loyamba, vuto lili pa mutu ndi chiganizo choyamba. Akalephera lachiwiri, nambala yakwiririka pakati pa ndime ndipo iyenera kukwezedwa. Akasowa chokumbukira, ndiye kuti ndime za umboni zadzaza ndi mawu odziyamikira kapena mndandanda wa maudindo okopedwa mu CV, ndipo muyenera kubwerera kukafukula chochitika chimodzi.

Chilengezo chinalola kutumiza pa imelo. Anasaina pepala, tinalijambula pa makina pamodzi ndi CV ndi masatifiketi, n'kupanga fayilo imodzi ya PDF yokhala ndi kalata patsogolo. Fayiloyo tinaitcha dzina lake ndi dzina la ntchito, ndipo pa mutu wa imelo tinalemba dzina la ntchito lomwelo. CV tinaikonzanso kuti miyezi ndi zaka zake zifanane ndi za m'kalata, ndi kuti sitolo ya feteleza ionekemo.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Inatheka chifukwa miyezi inakwanadi 25. Akanakhala ndi 18 yokha, ndikanamuuza kuti alembe 18 poyera n'kudalira ndime ya matumba kuti imunyamule, podziwa kuti mabungwe ena amachotsa aliyense wosakwanitsa popanda kuwerenga zambiri. Komanso pali malo omwe amafuna kudzaza fomu yawo, kapena kalata yolemba pamanja. Pamenepo mumatsata zomwe anena, ngakhale kuti dongosolo la kutsegula, umboni ndi kutseka limagwirabe pa kalata ya pamanja, bola muchepetse mawu kuti akwane tsamba. Ndipo ndime za umboni sizisamutsidwa zonse kupita ku kalata ina. Sabata yomweyo anafunsiranso ntchito yolandira ndalama pa sitolo ina yaikulu, ndipo kumeneko nkhani ya matumba inatsika, m'malo mwake tinakweza za kuwerengera ndalama za tsiku pa sitolo ya feteleza.

Patatha milungu itatu a bungwe la depoti ya ku Lobi lija anamuimbira kudzera pa nambala ya mchimwene wake, chifukwa yake inali yozima. Anali mmodzi mwa anthu asanu ndi mmodzi oitanidwa. Atabwerako anadzera kwa ine kudzandiuza momwe zinayendera. Anati mayi yemwe ankatsogolera mafunso anali ndi kalatayo m'manja atadula mzere pansi pa matumba 14, ndipo funso loyamba linali lakuti afotokoze momwe anapezera malisiti olowetsedwa kawiri. Bambo wina anamufunsa momwe miyezi 25 inakwanira, ndipo iye anawerengera pamaso pawo, 18 ndi 7. Kenako anamukhazika pa kompyuta kuti alembe katundu wolowa ndi wotuluka pa Excel n'kupeza wotsala. Tsiku lotsatira wapampando wa kopaletivu anamuimbira kumuuza kuti a bungwelo amufunsa za chiwerengero cha matumba a 2023, ndipo iye wawauza 2,640. Anayamba ntchito ku Lobi mu Ogasiti, pa miyezi itatu yoyeserera.